Kodi mumadziwa? Mtundu wa madzi a magazi umatha kunamiza makina a mu labotale

Kodi mumadziwa kuti magazi akapukusidwa m'makina a mu labotale amagawikana pawiri? Maselo amakhazikika pansi pa kabotolo, pamwamba n'kutsala madzi oonekera bwino, achikasu pang'ono chabe, otchedwa seramu kapena pulazima. Za impso, chiwindi, shuga ndi michere ya m'thupi zimayezedwa m'madzi amenewa. Nthawi zambiri makina amasakaniza madziwo ndi mankhwala, n'kuwalitsa kuwala kuti aone kuchuluka kwa kuwala kumene kwadutsa. Ndiye madziwo akabwera ofiira, oyera ngati mkaka, kapena achikasu kwambiri, nambala yotuluka imatha kukhala yabodza ngakhale makina alibe vuto lililonse.

Kodi mumadziwa kuti mwa zitatuzi, kufiira ndiko kumabwezetsa magazi ambiri? Madzi amafiira maselo ofiira akaphulika n'kutaya himogulobini. Kawirikawiri kuphulikako sikuchitikira m'thupi la wodwala koma potenga magazi kapena panjira. Singano yaing'ono kwambiri imaswa maselo. Kukoka sirinji mwamphamvu kumawaswanso, chimodzimodzi kukankhira magazi m'kabotolo kudzera pasinganopo, kutenga magazi pa kanyula ya diripi, kubaya sipiriti isanaume pakhungu, kusiya lamba womanga pamkono nthawi yopitirira mphindi imodzi, ndi kukhutchumula kabotolo mmalo mokatembenuza pang'onopang'ono. Magazi ochokera kuchipatala chaching'ono amene ayenda panjinga yamoto mumsewu wa mabampu, kapena agundana ndi madzi oundana m'bokosi, nawonso amafika atafiira.

Kodi mumadziwa kuti vuto la kufiira si mtundu wokha? Maselo akaphulika amakhuthulira m'madzi zonse zimene zinali m'kati mwawo. Potaziyamu wa m'kati mwa maselo ofiira ndi wochuluka kuposa wa m'madzi a magazi maulendo opitirira 20. Chinthu cholembedwa LDH pa lipoti n'chochuluka m'maselomo maulendo oposa 100, ndipo AST, imene madokotala amaonera chiwindi, nayonso ndi yambiri. Zonsezi zimakwera mwabodza. Zina zimatsika: m'maselo ofiira muli michere yophwanya insulini, choncho insulini imaoneka yochepa kusiyana ndi mmene ilili.

Potaziyamu ndiye amadetsa nkhawa kwambiri, chifukwa akakwera kapena kutsika kwambiri mtima umasokonezeka kagundidwe. Mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol/L. Galamu imodzi iliyonse ya himogulobini yotayikira mu lita ya madzi a magazi imawonjezera potaziyamu pafupifupi 0.3 mmol/L. Tiyerekeze munthu amene watsegula m'mimba masiku angapo, mitsempha yake yalowa m'kati, ndipo namwino wavutika kukoka magazi. Kabotolo kafika ku labotale kali ndi magalamu 3 a himogulobini pa lita, makina n'kutulutsa potaziyamu 3.9. Nambala imeneyi ili m'kati mwa malire, ndipo wogwira ntchito wotanganidwa akhoza kungoidutsa. Koma pafupifupi 0.9 wachokera m'maselo ophulika. Potaziyamu weniweni wa wodwalayu ali cha m'ma 3.0, ndipo akufunika kuwonjezeredwa. Ambiri amaopa potaziyamu wokwera mwabodza, koma ameneyo amachititsa mantha, anthu n'kubwereza kuyeza. Ine ndimaopa kwambiri wotsika amene wabisala mu nambala yooneka yabwino, chifukwa palibe amene amaimbira foni nambala yotere.

Nanga bwanji osangochotsera 0.9 uja n'kulemba 3.0? Chifukwa potaziyamu wa m'maselo amasiyana munthu ndi munthu, ndiponso zimatengera mmene maselowo aphulikira. Masamu amenewa amathandiza kuona kukula kwa ngozi, koma sayenera kulowa pa lipoti. Akatswiri a bungwe la malabotale a ku Ulaya la EFLM, mu malangizo awo a mu 2018, anakana njira yokonza zotsatira ndi masamu. Chofunika n'kutenganso magazi.

Kodi mumadziwa kuti nthawi zina kufiirako kumakhala kwa wodwala yemwe? Malungo aakulu, matenda a sikoselo, ndi kuikidwa magazi osagwirizana ndi ake zimatha kuswa maselo m'mitsempha momwemo. Zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi zoswekera m'kabotolo, koma kuno kwathu kumene malungo ndi ofala siziyenera kuiwalika. Chizindikiro chake n'chakuti mabotolo onse a wodwalayo amabwera ofiira, ngakhale atatenga magazi ndi munthu wodziwa ntchito. Mkodzo umatha kuda, chikasu chimakwera, maselo ofiira osakhwima amachuluka, ndipo puloteni yotchedwa haputogulobini, imene imagwira himogulobini yotayika, imatsika. Apa kumangobweza kabotolo kachiwiri ndi kachitatu n'kuchedwetsa chithandizo. Potaziyamu wokwera mwa wodwala wotere akhoza kukhala weniweni, ndipo wa mu labotale ayenera kuyankhulana ndi dokotala.

Kodi mumadziwa kuti mafuta amatha kutsitsa sodiyamu papepala pokha? Madzi a magazi amachita mbuu tinthu ta mafuta tikachuluka: mwa munthu amene wangodya kumene chakudya chonona, wa shuga wosalamulirika, womwa mowa kwambiri, kapena wolandira mafuta kudzera m'diripi. Tinthuti timamwaza kuwala, makina n'kuwerenga ngati mankhwala ndiwo asintha mtundu. N'chifukwa chake himogulobini pa lipoti la kuwerenga maselo imatha kukwera mwabodza, nambala yolembedwa MCHC n'kukwera kupyola pamene maselo enieni angafike.

Nkhani ya sodiyamu ndi yosiyana. Sodiyamu amakhala m'madzi mokha, osati m'mafuta kapena m'mapuloteni. Mu lita ya pulazima, madzi enieni ndi pafupifupi magawo 93 pa 100. Makina aakulu ambiri amayamba asungunula pulazima asanayeze, ndipo masamu awo amaganiza kuti madzi ndi 93 nthawi zonse. Sodiyamu akakhala 150 m'madzi enieniwo, makina amalemba cha m'ma 140, zomwe zili bwino. Koma mafuta akatenga malo mpaka madzi kutsala magawo 85, makina omwewo alemba cha m'ma 128, pamene sodiyamu wa m'madzi a wodwala sanasinthe n'komwe. Kumupatsa madzi amchere wambiri pofuna kukonza 128 ameneyu kungamuvulaze. Makina oyeza mpweya wa m'magazi, amene sasungunula, amapereka nambala yoona. Zoyeza zina zimafuna kuchotsa kaye mafutawo mwa kupukusa pa liwiro lalikulu kwambiri kuti ayandame pamwamba, kenako n'kutunga madzi a pansi. Ngati wodwala anangodya chabe, kutenganso magazi asanadye kanthu m'mawa kumakwanira.

Kodi mumadziwa kuti chikasu chimatha kubisa kufooka kwa impso? Chikasu chimabwera ndi bilirubini, ndipo bilirubini imasokoneza kuyeza kiriyatinini, chinthu chimene chimakwera impso zikamalephera. Njira yotsika mtengo yoyezera kiriyatinini, yomwe malabotale ambiri akugwiritsabe ntchito, inachokera pa zimene Max Jaffé anapeza mu 1886. M'mankhwala a njira imeneyi bilirubini imasintha n'kutaya mtundu wake pa nthawi yomweyo imene mtundu wa kiriyatinini ukukwera, choncho makina amaona kukwera kochepa. Zotsatira zimatsika mwabodza, ndipo zimatero mwa wodwala chiwindi kwambiri, amene impso zake zili kale pangozi. Bilirubini imatsitsanso zoyeza zodalira njira ya Trinder ya mu 1969, monga shuga ndi kolesitero, chifukwa imadya mankhwala amene amayenera kupanga mtundu. Kutenganso magazi sikuthandiza, popeza chikasucho chili m'thupi. Labotale imasungunula madziwo ngati choyezedwacho chikulola, kapena imasintha njira yoyezera.

Kodi mumadziwa kuti maso a munthu sadalirika pa ntchitoyi? Kufiira kumayamba kuoneka himogulobini ikafika pafupifupi magalamu 0.3 pa lita, ndipo anthu awiri oyang'ana kabotolo kamodzi amatha kusiyana maganizo. M'magazi a khanda lachikasu, chikasucho chimaphimba kufiira. Labotale imene ilibe makina oyeza mitundu iyenera kukhala ndi tchati cha mitundu pakhoma, pamalo owala bwino, kuti aliyense aziyerekeza ndi chinthu chimodzi.

Makina atsopano amayeza okha mitundu itatuyi pa kabotolo kalikonse, n'kuilemba ndi zilembo H, I ndi L: H ya kuphulika kwa maselo, I ya chikasu, L ya mafuta. Amatunga kadontho, kusakaniza ndi madzi amchere, n'kuwerenga pa mitundu ingapo ya kuwala. Makina ena amawerenga mafuta pa mananomita 660 ndi 700, pamene himogulobini ndi bilirubini sizimwa kuwala, choncho chilichonse chotchinga pamenepo ndi mbuu uja. Himogulobini amaiwerenga pa 570 ndi 600, bilirubini pa 480 ndi 505, ndipo masamu amachotsera gawo limene chinzake chalowerera. Makina a makampani osiyana amalemba mosiyana: ena nambala, ena +, ++ ndi +++. H ya 100 pa makina ena si yofanana ndi 100 pa ena, ndipo L si muyeso wa mafuta a m'magazi koma wa mbuu chabe. Bungwe la ku Amereka la CLSI linatulutsa chikalata chotsogolera ntchito imeneyi, C56-A, mu 2012.

Kodi mumadziwa kuti kabotolo kofiira sikatayidwa konse nthawi zonse? Choyezedwa chilichonse chili ndi malire ake. Kufiira pang'ono kumaononga LDH ndi potaziyamu pamene sodiyamu ndi yureya zikadali zodalirika. Labotale yabwino imatulutsa zimene sizinakhudzidwe. Zokhudzidwa pang'ono imazitulutsa ndi ndemanga yonena mbali imene zapendekera, mwachitsanzo kuti maselo anaphulika ndipo potaziyamu akhoza kukhala wokwera mwabodza. Zokhudzidwa kwambiri imazibisa n'kupempha magazi ena. Malangizo a EFLM aja amati himogulobini yotayika ikapitirira magalamu 10 pa lita, zotsatira zonse zibisidwe. Kungosiya mpata wopanda kanthu pa lipoti osalemba chifukwa n'kulakwa, chifukwa dokotala amaganiza kuti zotsatira zikubwera ndipo amadikira.

Kodi mumadziwa kuti H yabwino siitsimikizira potaziyamu? Magazi akagona osapukusidwa, makamaka mu firiji, potaziyamu amatuluka m'maselo pang'onopang'ono maselowo osaphulika, chifukwa kuzizira kumaimitsa timapampu timene timamubwezera m'kati. Madzi amakhala oonekera bwinobwino, H n'kukhala yotsika, koma potaziyamu atakwera. Wa mu labotale amazindikira zimenezi poyang'ana nthawi imene magazi anatengedwa, ndipo fomu yosalembedwa nthawiyo imamusiya opanda poyambira. Chipatala chotumiza magazi kutali chiyenera kuwapukusa ndi kupatula seramu asananyamuke.