Kutsegula m'mimba kobwera ndi mankhwala opha mabakiteriya

M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya ochuluka amene amathandiza kugaya chakudya ndi kutsekereza tizilombo toipa. Tikamwa mankhwala monga amokisisilini, sipurofulokisasini kapena kilindamayisini, iwo sasankha mdani yekha, amaphanso mabakiteriya otithandizawo. N'chifukwa chake ena amatsegula m'mimba ali pa mankhwalawa. Kawirikawiri vutoli limakhala laling'ono, ndipo limatha patangopita masiku ochepa mankhwala atatha.

Koma nthawi zina malo otsala opanda alonda aja amalandidwa ndi kachilombo kamene madokotala amakalemba kuti C. difficile. M'chaka cha 1978 akatswiri anatsimikiza kuti kachilomboka kamatulutsa poizoni wotupitsa thumbo lalikulu. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi okalamba opitirira zaka 65, ogonekedwa m'chipatala nthawi yaitali, ndi amene amwa mankhwalawa mobwerezabwereza.

Tiyerekeze kuti agogo a zaka 70 anagonekedwa chifukwa cha chibayo, nalandira mankhwala masiku asanu, nkutuluka ali bwino. Patatha milungu iwiri ayamba kupanga chimbudzi chamadzi kasanu ndi kamodzi patsiku, m'mimba mukupota, thupi latentha. Apabanja angaganize za nsomba ya dzulo kapena madzi a m'nyanja, osakumbukiranso mankhwala aja. Pamenepo ndi pamene tikuphonya, pakuti matendawa angathe kuyamba ngakhale patapita miyezi iwiri chimalizireni mankhwala.

Choyamba, agogowa amwe Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, pang'onopang'ono koma kosalekeza. Chachiwiri, asapatsidwe loperamayidi, mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba, chifukwa angatsekere poizoni m'thumbo, thumbolo nkufufuma mpaka kuphulika. Chachitatu, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo owaperekeza anene dzina la mankhwala amene anamwa ndi tsiku limene anamaliza. Dokotala ndiye angaweruze zoyeza chimbudzi ndi kupereka vankomayisini wakumwa kwa masiku 10, kapena meturonidazo kumene vankomayisini palibe.

Ifenso tikamapanga chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa patsiku tili pa mankhwala, makamaka ngati thupi latentha, mimba yatupa, mkodzo wachepa kapena taona magazi, tibwerere kwa amene anatilembera mankhwalawo, osasiya kapena kusintha tokha.

Kachilomboka kamasanduka timbewu tolimba timene timakhala miyezi pa nsalu ndi pa ndowa. Mankhwala opaka m'manja aja satipha, ndipo madzi okha pambuyo pa kudziyeretsa kuchimbudzi sakwanira. Tisambe m'manja ndi sopo, ziwiya za wodwala zitsukidwe ndi kolorini. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu matendawa amamubwereranso, choncho agogowa akayambanso kutsegula m'mimba, abwerere kuchipatala msanga.