Nyimbo izipatsa mpata wolankhula, nanga mwini wake walola?

Mlongo wanga amagulitsa zitenje, ndipo tsiku lina anandipempha kuti ndimukonzere kavidiyo ka mphindi imodzi kotsatsira malonda ake. Ndinajambula mawu ake, n'kuika nyimbo pansi pa mawuwo. Ndikumvetsera ndi mahedifoni zonse zinkamveka bwino. Koma iye atakatsegula pafoni yake anati, “Achimwene, mitengo ndatchula ija ili kuti? Ndikungomva gitala.”

Sanalakwe. Kasipika ka foni sikatulutsa besi, kamangotulutsa mawu apakati, ndipo apo ndi pomwe gitala, kiyibodi ndi liwu la munthu zimalimbirana malo. N'chifukwa chake nyimbo yokhala ndi woimba ndiyo yovuta kwambiri kuiika pansi pa wolankhula: khutu limasowa woti limutsatire. Sankhani ya zing'wenyeng'wenye zokha.

Ntchitoyi ine ndimaigwira ndi Audacity, pulogalamu yaulere ya pakompyuta. Muli chida chotchedwa Auto Duck chimene chimatsitsa nyimbo munthu akayamba kulankhula, n'kuikwezanso akakhala chete. Ikani mzere wa nyimbo pamwamba, wa mawu pansi pake penipeni, musankhe wa nyimbo wokhawo, kenako mutsegule Auto Duck pa Effect. Mukasinthanitsa mizereyi sichigwira ntchito, chifukwa chimamvera mzere umene uli pansi.

Chikangotseguka, pa Duck amount pamakhala -12 dB, kutanthauza mlingo umene nyimbo itsike nawo. Pa nyimbo ya mlongo wanga zinachepa, ndinafikitsa pa -18 dB ndipo mitengo inayamba kumveka. Kenako vuto lina linatulukira. Mlongo wanga amapuma akatchula mtengo uliwonse, ndiye nyimbo inkalumpha n'kugwa, kulumpha n'kugwa, ngati wina akuseweretsa wailesi. Mankhwala ake ali pa Maximum pause, pomwe pamakhala sekondi imodzi. Nditaikapo masekondi 2, nyimbo inasiya kudzuka pa kupuma kwakufupi.

Kusalala kumachokera pa kutalika kwa nthawi yotsikira ndi yokwerera. Nyimbo iyambe kutsika theka la sekondi munthu asanatsegule pakamwa, apo ayi liwu loyamba limamezedwa. Pokwera isafulumire: pa Outer fade up length ndimaikapo sekondi imodzi ndi theka. Pamene makina alakwitsa ndimakonza pamanja ndi Envelope Tool. Kumapeto nyimbo izizimiririka pang'onopang'ono kwa masekondi atatu, osati kudukiza ngati magetsi azima. Mukatha, mvetserani pafoni yotsika mtengo, muli panja pomwe pali phokoso.

Kavidiyoko sikanatuluke tsiku lomwelo. Nyimbo ija ndinaitenga pa intaneti pomwe panalembedwa kuti ndi yaulere, koma nditawerenga bwino ndinapeza zilembo izi: CC BY-NC. Izi ndi zilolezo za Creative Commons, ndipo chilembo chilichonse chili ndi lamulo lake. BY akutanthauza kuti mutchule mwini nyimbo. NC akuletsa kuigwiritsa ntchito pa malonda, ndipo kutsatsa zitenje ndi malonda, ngakhale sitolo ikhale ya mlongo wako. Palinso ND, amene amaletsa kufalitsa nyimbo yosinthidwa. Ameneyu amakola ambiri, chifukwa pa zilolezozi kungolumikiza nyimbo ndi zithunzi zoyenda kumawerengedwa kuti mwaisintha. Choncho ya ND musaiike m'vidiyo yoti ionedwe ndi anthu.

Ndinaichotsa, n'kupeza ina ya CC BY. Pansi pa kavidiyo ndinalemba dzina la nyimbo, la woipeka, komwe ndinaitenga ndi mtundu wa chilolezo. Ndinajambulanso tsamba la chilolezolo n'kusunga pamodzi ndi tsiku, popeza masamba a pa intaneti amasintha. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID amene amazindikira nyimbo, ndipo mwini wake akhoza kutseka vidiyo yanu kapena kutenga ndalama zimene ikupanga. Umboni wosungidwawo ndiwo mungadzitetezere nawo.

Nanga nyimbo za oimba athu? Kugula nyimbo kapena kuilandira pa WhatsApp kumakupatsani mwayi woimvera basi. Kulemba kuti “nyimboyi si yanga” sikusintha kanthu, ndipo palibe lamulo lonena kuti masekondi ochepa ndi aulere. Dziwaninso kuti eni ake amatha kukhala awiri: amene anapeka nyimbo, ndi mwini wa chojambulidwacho. Kuno ku Malawi nkhanizi zili pansi pa lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe loona za izi ndi COSOMA. Ngati mwaikonda nyimbo ya woimba wakwathu, funsani kubungweli kapena kwa mwini wake, ndipo akavomera akulembereni, atchule kuti ndi vidiyo iti, ikaikidwa kuti, komanso kwa nthawi yaitali bwanji.