Mukabwerekedwa ku ntchito ina, mpando wanu ausunga ndani?

Mabungwe ambiri amene amayendetsa mapulojekiti a zaumoyo, ulimi kapena maphunziro m'Malawi amafuna anthu odziwa kale ntchito, ndipo anthuwo amapezeka m'boma. Vuto ndi lakuti pulojekiti imatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, pamene ntchito ya boma ndi yofikitsa munthu pa penshoni. N'chifukwa chake pali njira imene m'maofesi amaitcha sekondimenti. Bwana wanu amakubwereketsani ku bungwe lina kwa nthawi yodziwika, koma dzina lanu limakhalabe m'kaundula wa antchito ake.

Tiyerekeze namwino wa pa chipatala cha boma amene bungwe lina lamufuna kwa miyezi 24. Choyamba si kalata yake ayi, koma kalata ya bungwelo yopempha kuti amubwereke, yotchula ntchito imene akagwire, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Kenako namwinoyo amalemba pempho lake kudzera kwa bwana wake wapafupi, ndipo limakwera masitepe mpaka kwa amene ali ndi mphamvu yovomereza. Nesi wamkulu kapena mkulu wa chipatala angathe kulemba kuti alibe nazo vuto, koma mawu akewo ndi ndemanga chabe, si chilolezo. Ambiri amagwa pamenepa. Amamva bwana akuti "pitani, tikonza", n'kulongedza katundu, fayilo ikadali pa tebulo la wina ku Kapitolo Hilu. Munthu wochoka pa ntchito popanda kalata yomumasula amaoneka ngati wathawa ntchito, ndipo umenewo ndi mlandu wochotsetsa munthu ntchito.

Dziwaninso kuti kubwerekedwa si ufulu umene mungaumirire. Bwana akaona kuti wodi itsala yopanda anamwino, angathe kukana. Pempho lanzeru limayankhiratu nkhawa imeneyi, limanena amene angagwirizire ntchito yanu ndi luso limene mudzabwere nalo.

Chilolezo chikabwera, werengani bwino mawu onena za kubwerera, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Kalata yonena kuti mudzabwerera "pa udindo womwewo ndi malo omwewo" ndi yosiyana kwambiri ndi yonena kuti mudzapatsidwa "udindo wa giredi yofanana". Yachiwiriyi imasunga malipiro anu okha. Namwino wathu amene anachoka pa chipatala cha m'tauni angathe kudzauzidwa kuti malo a giredi yake alipo, koma ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, ana ake ali pasukulu m'tauni. Palibe amene waphwanya pangano, anasaina yekha. Ngati mukufuna mpando womwewo, kalata inene kuti wolowa m'malo mwanu ndi wongogwirizira kufikira tsiku lakuti.

Kenako pali nkhani ya ndalama, imene anthu amaithamangira kumbali ya malipiro okha, n'kuiwala penshoni. Lamulo la penshoni ku Malawi limati bwana aziikira wantchito ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito naye aziika 5. Ngati namwinoyo ali pa penshoni yosonkherana yotereyi ndipo amalandira K500,000 pa mwezi, ndiye kuti K75,000 imalowa m'thumba lake la penshoni mwezi uliwonse. Pa miyezi 24 imeneyo ndi K1,800,000, osawerengera phindu limene ikanabereka. Panganolo likapanda kutchula amene azipereka gawo la bwana, aliyense amaganiza kuti ndi mnzake, ndipo dzenjelo limadzaoneka patapita zaka, okonza zinthuwo atasamuka kale. Kalata ineneso poyera kuti miyezi imeneyi iwerengedwa ngati zaka za ntchito. Apa ndi pamene kubwerekedwa kumasiyana ndi tchuthi chosalipidwa, chimene nthawi yake nthawi zambiri siiwerengedwa.

Wokhala ndi ngongole ya ku banki kapena ku sako yodulidwa pa malipiro akonzeretu njira ina yobwezera, chifukwa dzina likachoka pa peyirolo kudulako kumaima, koma chiwongoladzanja sichiima. Wokhala m'nyumba ya pa ntchito afunsenso za nyumbayo asananyamuke.

Kubwerera nako kuli ndi mwambo wake. Lembani kalata miyezi ingapo tsiku lisanakwane, kukumbutsa kuti mukubwera, chifukwa kubwezeretsa dzina pa peyirolo kumatenga nthawi ndipo mungakhale miyezi manja ali m'khosi. Pulojekiti ikawonjezeredwa nthawi, musaganize kuti chilolezo chanu chawonjezereka chokha. Kalata imene inakumasulani ili ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo likadutsa musanalandire kalata ina, mpando wanu ulibenso chouteteza. Sungani makope a makalata onse kunyumba kwanu, osadalira fayilo ya ku ofesi yokha.