Loko ndi chigayo: kusiyana kwa hashi ndi kubisa uthenga

Mu Okutobala 2013, kampani ya ku America ya Adobe, yomwe imapanga pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop, inalengeza kuti akuba alowa m'makompyuta ake. Poyamba inati makasitomala amene akhudzidwa ndi pafupifupi 2.9 miliyoni. Pasanathe mwezi chiwerengerocho chinafika pa 38 miliyoni, kenako pa intaneti panatulukira fayilo yokhala ndi maakaunti oposa 150 miliyoni.

Kampaniyo inatsimikizira anthu kuti mapasiwedi awo anali obisidwa. Kwa munthu wamba, mawu amenewa anali otonthoza. Koma akatswiri a chitetezo cha makompyuta atawamva anagwira njakata, chifukwa pasiwedi siyenera kubisidwa m'njira yoti n'kuibwezanso. Iyenera kudutsa mu hashi. Njira ziwirizi zimatulutsa zinthu zooneka mofanana, mndandanda wa zilembo ndi manambala wopanda mutu, koma ntchito zake n'zosiyana ngati loko ndi chigayo.

Kubisa uthenga, kumene akatswiri amati enikiripishoni, kuli ngati kuika ndalama m'bokosi la gulu la banki m'khonde n'kukhoma loko. Ndalamazo sizinasinthe, zangotsekeredwa. Tsiku logawana likafika, osunga makiyi amatsegula ndipo chilichonse chimatuluka mmene chinalowera. Bokosi loti silingatsegulidwenso lingakhale lopanda ntchito.

Njira imeneyi ndi yakale kwambiri. Mbiri imati Juliasi Kaisara, mtsogoleri wa Aroma, ankalembera anzake makalata posuntha chilembo chilichonse malo atatu: A n'kukhala D, B n'kukhala E. Potsatira lamulo limeneli pa zilembo 26 za masiku ano, liwu loti MUDZI limasanduka PXGCL. Wolandira kalata, amene akudziwa kuti kiyi ndi 3, amangobweza chilembo chilichonse malo atatu m'mbuyo, MUDZI n'kutulukanso wathunthu.

Makompyuta a lero amachita zomwezo ndi masamu ovuta kwambiri. Njira yofala ndi AES, imene anaikonza akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo boma la America linaivomereza mu 2001. Uthenga wa pa WhatsApp umayenda utabisidwa, ndipo foni ya wolandira ndi imene ili ndi kiyi yotsegulira. Pali mfundo ziwiri zoyenera kugwira apa. Choyamba, pali kiyi, ndipo aliyense woipeza amaona zonse. Chachiwiri, kukula kwa chobisidwa kumatsatira kukula kwa uthenga: kalata yaitali imafuna bokosi lalikulu.

Hashi ndi nkhani ina. Mayi akapita kuchigayo ndi ndowa ya chimanga amabwerako ndi ufa, ndipo palibe makina amene angatenge ufawo n'kuubweza kukhala maso a chimanga. Chigayo chilibe kiyi. Ngakhale mwini chigayo sangabweze zimene wagaya.

Masamu ochepa akhoza kuonetsa chifukwa chake. Chilembo chilichonse chipatsidwe nambala, A akhale 1, B akhale 2, mpaka Z akhale 26. Liwu lija loti MUDZI likhala 13, 21, 4, 26 ndi 9, zimene pamodzi zikwana 73. Ndiyeno lamulo likhale loti pasungidwe nambala yomaliza yokha. Hashi ya MUDZI ndiye kuti ndi 3. Aliyense wowerengera apeza 3 yemweyo, lero kapena chaka chamawa. Koma wopatsidwa 3 yekhayo sangadziwe kumene wachokera, chifukwa zambiri zatayika m'njira. Liwu loti MADZI limakwana 53, ndipo nalonso limathera pa 3.

Kahashi kamasewera aka n'kofooka chifukwa kali ndi mayankho khumi okha, moti mawu osiyana amawombana pafupipafupi. Hashi yeniyeni, monga SHA-256 yomwe inatuluka mu 2001, imatulutsa zilembo ndi manambala 64. Pa kompyuta ya Linux munthu angathe kuiona ikugwira ntchito:

```
echo -n "123456" | sha256sum
8d969eef6ecad3c29a3a629280e686cf0c3f5d5a86aff3ca12020c923adc6c92  -
```

Apa m'pamene fanizo la chigayo limaperewera. Ufa umachuluka chimanga chikachuluka, koma hashi sikula. Kaya alowetsemo liwu limodzi, kaya buku lonse, kaya filimu ya maola awiri, zotuluka zimakhala 64 basi. N'zoonekeratu kuti filimu yonse singakwane m'kamzere kameneka. Hashi sisunga chinthucho, imangochizindikiritsa, monga chidindo cha chala chimene munthu amadinda pa chikalata: chimatsimikizira kuti anali iyeyo, koma palibe angaumbe munthu kuchokera pa chidindo. Ndipo kusintha chilembo chimodzi chokha mu uthenga kumasinthiratu hashi yonse, moti yatsopanoyo sifanana ndi yakale ngakhale pang'ono.

Nanga chinthu chosabwezeka chingathandize bwanji posunga pasiwedi? Yankho lake n'lakuti kampani sifunika kudziwa pasiwedi ya munthu. Imangofunika kudziwa ngati amene wabwera lero walemba zofanana ndi zimene zinalembedwa tsiku lotsegula akaunti. Choncho pa tsiku loyambalo, kompyuta ya kampani imagaya pasiwediyo, n'kusunga hashi, pasiwedi yeniyeniyo n'kuitaya. Munthu akabweranso, zimene walemba zimagayidwa, ndipo mahashi awiriwo amayerekezedwa. Akafanana, chitseko chimatseguka. Wakuba akaba fayilo yonse amapeza ufa wokhawokha, ndipo palibe kiyi yoti aisakesake.

Izi n'zimene fayilo yobedwa ku Adobe inalibe. Mapasiwedi onse anabisidwa ndi njira yotchedwa 3DES, pogwiritsa ntchito kiyi imodzi. Kiyi imodziyo ikanapezeka, maakaunti onse akanatseguka tsiku limodzi. Koma ofufuza sanafunike n'komwe kuipeza, chifukwa fayiloyo inkaulula zinsinsi yokha.

Inaulula kutalika kwa mapasiwedi. Njira ya 3DES imabisa zinthu m'timagulu ta zilembo 8, choncho pasiwedi yosafika zilembo 8 inkadzaza kagulu kamodzi, pamene ya zilembo 8 mpaka 15 inkadzaza timagulu tiwiri. Kungoyang'ana kukula kwa bokosi kunali kokwanira kudziwa mapasiwedi aafupi. Kuwonjezera apo, mmene njirayo anaitchera zinkachititsa kuti anthu a pasiwedi yofanana akhale ndi chobisidwa chofanana. Mzere woti `EQ7fIpT7i/Q=` unapezeka pa maakaunti pafupifupi 1.9 miliyoni. Chomaliza, mawu okumbutsa pasiwedi amene anthu ankadzilembera anasungidwa poyera osabisidwa. Pakati pa anthu ochuluka chonchi, ambiri analemba zokumbutsa zonena za manambala oyambira pa 1 kufika pa 6. Ofufuza anangolumikiza: mzerewo unali 123456, ndipo ngakhale amene analemba chokumbutsa chochenjera anaululidwa ndi anzawo osasamala.

Komabe hashi payokha si mankhwala a zonse. Mu 2012, mahashi pafupifupi 6.5 miliyoni a mapasiwedi a LinkedIn anatayidwa pa intaneti, ndipo ambiri anaswedwa m'masiku owerengeka. Palibe amene anabweza ufa kukhala chimanga. Akubawo anangotenga mndandanda wa mapasiwedi amene anthu amakonda, n'kumagaya imodziimodzi, n'kumayerekeza zotuluka ndi zimene zinali m'fayilo. Mzere uja woyamba ndi 8d969eef ndi wodziwika kwa aliyense wochita ntchito imeneyi, moti akangouona amadziwa kuti ndi 123456. Nambala yachinsinsi ya manambala anayi, monga yotumizira ndalama pafoni, ili ndi mayankho 10,000 okha, ndipo kompyuta ingathe kuwagaya onsewo munthu asanaphethire. N'chifukwa chake nambala yotereyi imatetezedwa makamaka ndi lamulo lotseka akaunti munthu akalakwitsa kangapo.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, akatswiri amathira chimene iwo amachitchula kuti mchere. Awa ndi manambala ongotola mwachisawawa, osiyana kwa munthu aliyense, amene amaphatikizidwa ndi pasiwedi isanagayidwe. Mcherewo si wachinsinsi, umasungidwa pambali pa hashi. Ntchito yake n'kuchititsa kuti anthu awiri a pasiwedi imodzi akhale ndi mahashi osiyana, kuti wakuba azilimbana ndi akaunti iliyonse payokha. Mahashi a LinkedIn analibe mchere.

Chida chachiwiri ndi kuchedwetsa dala. SHA-256 inapangidwa kuti izithamanga, ndipo liwiro limenelo limapindulira wakuba. Mapasiwedi amafuna chigayo chochedwa monga bcrypt, ya mu 1999, kapena Argon2, imene inapambana mpikisano wa akatswiri mu 2015. Mwini akaunti sazindikira n'komwe kuchedwa kwa kachigawo ka sekondi, koma kwa woyesa mapasiwedi mamiliyoni ambiri, ntchito ya ola limodzi imasanduka ya zaka.

Hashi imagwiranso ntchito ina imene kubisa uthenga pakokha sikugwira: kutsimikizira kuti chinthu sichinasinthidwe. Opanga mapulogalamu ambiri amalemba hashi ya fayilo yawo pafupi ndi poitengera. Wotenga fayiloyo amaigaya pa kompyuta yake n'kuyerekeza. Ngati netiweki inaduka pakati kapena wina analowetsamo zoipa, mizere iwiriyo sigwirizana. Apa palibe chobisika, fayiloyo aliyense akhoza kuiwerenga. Ngozi imakhalapo pamene wina wapeza njira yopangira mafayilo awiri osiyana a hashi imodzi, monga MUDZI ndi MADZI. Izi zinachitikira hashi ya MD5 mu 2004, pamene gulu la katswiri wa masamu wa ku China, Wang Xiaoyun, linaonetsa kuwombana kotere. Mu 2017, Google ndi bungwe lofufuza la CWI la ku Amsterdam anatulutsa mafayilo awiri a PDF osiyana koma a hashi imodzi ya SHA-1. Mahashi awiriwa sadaliridwanso pa nkhani za chitetezo.

Munthu wamba sangasuzumire m'makompyuta a kampani, koma pali chizindikiro chimodzi chimene chimaonekera kunja. Akaiwala pasiwedi n'kupempha thandizo, kampani yosunga mahashi siingamuuze pasiwedi yakaleyo, chifukwa nayonso siidziwa. Imangomutumizira njira yopangira yatsopano. Koma uthenga ukabwera uli ndi pasiwedi yakale ija ndendende, ndiye kuti kampaniyo inaisunga poyera kapena m'bokosi limene kiyi yake ili chapafupi. Zikatero, pasiwediyo iyenera kusinthidwa pa akaunti ina iliyonse imene mwiniyo anaigwiritsanso ntchito, kuyambira ndi ya imelo, popeza mauthenga osinthira mapasiwedi ena onse amafikira kumeneko.