Tsiku limene Kennedy anadzitchulira yekha milandu

Pa 12 Sepitembala 1960, John F. Kennedy anaima pamaso pa abusa pafupifupi 300 a mipingo yosakhala ya Katolika, mu hotela ya Rice mumzinda wa Houston ku Amereka. Ambiri mwa iwo sankamukhulupirira. Iye anali Mkatolika wofuna upulezidenti, pomwe Mkatolika mnzake, Al Smith, anali atagwa chagada pachisankho cha 1928.

Kennedy akanatha kungokamba za ulova ndi za nkhondo, nkhani ya chipembedzo n'kuizemba. Koma iye ndi mlembi wake, Ted Sorensen, anayamba ndi kusonkhanitsa zomwe abusawo ankanong'onezana, ndipo anazitchula chimodzichimodzi mafunso asanayambe.

Mantha aakulu anali akuti Papa ndiye azilamulira dziko kudzera mwa iye. Kennedy anayankha kuti palibe mkulu wa mpingo amene angauze pulezidenti chochita. Sanalekere pa mawu okoma okhawo. Anawakumbutsa kuti anali atakana kale zoti ndalama za boma zizipita ku sukulu za mipingo, ndiponso zotumiza kazembe ku Vatikani, zinthu zimene aliyense akanatha kukafufuza. Kenako anafika pomwe panali chilonda chenicheni: kulera ndi kutha kwa maukwati. Anati pa zimenezi adzagamula poyang'ana zokomera dziko, ndipo chikumbumtima chake chikadzasemphana ndi udindo, adzatula pansi udindowo.

Apa ndiye pali luso. Dandaulo lililonse analinena molimba monga eni ake akanalinenera, osalichepetsa kuti lisavute kuyankha. Munthu wokayika akamva nkhawa yake ikutchulidwa molondola, amasiya kukonza funso m'mutu n'kuyamba kumvetsera. Akamva yopotozedwa, amadziwa kuti akupusitsidwa.

Njirayi ili ndi malire ake. Mu 1945, Carl Hovland ndi anzake anamvetsa asilikali a Amereka uthenga wakuti nkhondo yolimbana ndi Japani itenga nthawi yaitali. Ena anamva mbali imodzi yokha, ena anamvanso zifukwa za otsutsa. Uthenga wa mbali ziwiri unasintha kwambiri maganizo a omwe ankatsutsa poyamba, koma kwa amene ankagwirizana nazo kale, wa mbali imodzi ndiwo unagwira bwino ntchito. Choncho wokonza mawu ayenera kudziwa kaye amene adzakhale patsogolo pake. Kutchulira anthu ovomereza kale zifukwa zokanira ndi kuwadzala chikayiko chomwe analibe.

Kennedy naye sanakope onse. Atamaliza, abusawo anamupanikizabe ndi mafunso, ndipo anthu ena anamukanabe chifukwa cha mpingo wake. Koma gulu lake linaulutsa kanema wa msonkhanowo mobwerezabwereza m'madera ambiri, ndipo pa 8 Novembala anapambana Richard Nixon ndi mavoti ochepa kwambiri.