Tiyi wa jinja ndi mseru wa mimba yaing'ono: mulingo wake ndi wotani?

Fungo la anyezi wokazinga kapena la nsomba pamoto limakwanira kutulutsa mayi woyembekezera m'khitchini. Mseru wotere umayamba mimba ikafika masabata 6, umakula cha m'sabata ya 9, ndipo mwa amayi ambiri umazilala pofika masabata 16. Sudikira m'mawa mokha, umabwera nthawi iliyonse.

Ambiri amathamangira jinja, ndipo salakwitsa. Mu 2001, madokotala a ku Chiang Mai ku Thailand anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa amayi oyembekezera 70. Ena anawapatsa galamu imodzi ya ufa wa jinja patsiku, yogawidwa kanayi, kwa masiku 4. Ena analandira makapisozi opanda jinja. Mseru unachepa kwambiri mwa amene analandira jinja. Kafukufuku wotsatira waonetsa kuti jinja amachepetsa mseru kuposa mmene amaletsera kusanza kwenikweniko.

Galamu imodziyo ndiye malire a tsiku lonse, osati a kapu imodzi. Pa ufa, ndi theka la supuni yaing'ono ya tiyi. Jinja wamuwisi ali ndi madzi ambiri, choncho mulingo wake ndi pafupifupi magalamu 5, kachidutswa konga nsonga ya chala chachikulu. Mayi atsuke kachidutswako, akadule mopyapyala, akaviike m'makapu awiri a madzi owira kwa mphindi 10, kenako asefe. Azimwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, makamaka atalawa kachakudya kouma monga buledi, chifukwa kugugudiza kapu yonse m'mimba mopanda kanthu kumadzutsanso mseru. Masamba a tiyi safunikamo, poti amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wa m'mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo.

Jinja akachuluka, chizindikiro choyamba chimakhala kutentha pamtima, nthawi zina kutsegula m'mimba. Zikatero achepetse kapena asiye.

Pali amayi ena amene ayenera kuyamba afunsa anamwino. Jinja angathe kuchedwetsa kuundana kwa magazi, motero mayi amene akutaya magazi, ngakhale madontho chabe, amene anapitapo padera, kapena amene akumwa asipirini ndi mankhwala ena osungunula magazi, asamumwe mwa yekha. Chimodzimodzi amene ali pa mankhwala a shuga, komanso amene masiku ake ochira ayandikira.

Ndipo si kusanza konse komwe kuli kwa mimba. Kukabwera ndi kutentha thupi, mutu ndi kuzizidwa, akhoza kukhala malungo, ofunika kuyezetsa tsiku lomwelo. Mayi amene watha maola 24 madzi osakhazikika m'mimba, mkodzo ukutuluka wochepa ndi woderako, akuchita chizungulire kapena akuwonda, thupi lake likutha madzi. Ameneyo asawiritsenso jinja wina. Apite naye kuchipatala, kumene angamuike diripi ndi kumupatsa mankhwala oletsa kusanza oyenera mayi woyembekezera.