Nambala za ndime zikasokonekera mu mgwirizano

Mgwirizano wa lendi ya shopu unalembedwa bwinobwino. Ndime 5 inali ya lendi, 6 ya dipoziti, 7 ya kukonza zowonongeka, ndipo 8 inali ya kuthetsa mgwirizano. Mu ndime ya dipoziti munali mawu akuti ndalamayo idzabwezedwa pokhapokha wochita lendi atapereka notisi "motsatira ndime 8.2", ndipo 8.2 inkanena za notisi ya miyezi itatu. Patatsala pang'ono kusaina, mwininyumba anakumbukira za mabilu a madzi ndi magetsi. Wotayipa anaika ndime yatsopano pakati pa 5 ndi 6, nasintha mitu yonse yotsatira: dipoziti inakhala 7, zokonza 8, kuthetsa 9. Mawu aja akuti "ndime 8.2" anatsala mmene analiri. Tsopano 8.2 ikunena za kupaka penti pamakoma.

Powerenga mothamanga simungaone cholakwika, pakuti nambala zikutsatana bwino ndipo ndime 8.2 ilipodi. Vuto limaonekera tsiku lokanganirana dipoziti, wina akuti notisi ndinapereka, wina akuti pepala likunena za penti. Woweruza angathe kuona kuti panali kulakwitsa potayipa, koma kuti nkhani ifike kwa iye ndiye kuti nthawi ndi ndalama za loya zapita kale.

Gwero la chisokonezochi nthawi zambiri ndi limodzi. Mu Microsoft Word muli nambala za mitundu iwiri zofanana maonekedwe: zotayipa ndi zala, ndi zomwe pulogalamuyo imaika yokha. Mgwirizano womwe wadutsa m'manja mwa anthu angapo, wina kukopera ndime kuchokera ku pepala lakale, wina kuwonjezera zake, umakhala ndi zonse ziwiri. Kuzisiyanitsa nkosavuta. Dinani pa nambala ya ndime. Ngati kamzere kolembera kalowa pakati pa manambalawo ndipo mungafufute imodzi, ndi yotayipa. Ngati nambalayo yadera pamodzi ndi zinzake za mndandanda womwewo, ndi yoikidwa ndi pulogalamu.

Musathamangire kukonza nambala. Apa mpomwe ambiri amaonongera ntchito, chifukwa mukangosintha mitu, umboni wa zomwe mawu akale ankaloza umafufutika. Yambani mwasunga fayilo ina yosakhudzidwa. Kenako tengani pepala ndi cholembera, mulembe malo alionse pomwe ndime ina ikutchula inzake, ndipo pambali pake mulembe nkhani yomwe ikuyenera kupezeka kumeneko: 8.2, notisi ya miyezi itatu. Mukutsata nkhani, osati nambala. Kuti pasatsale malo, dinani Ctrl+H, pitani pa Find, tsegulani More, chongani Use wildcards, ndipo mufufuze izi:

```
[0-9].[0-9]
```

Zimenezi zikupezerani 8.2 ndi zina zotere, ngakhale zitolanso ziwerengero za ndalama zokhala ndi kadontho. Fufuzaninso mawu oti ndime, kapena clause ngati mgwirizano uli m'Chingerezi monga ilili yambiri kuno, kuti mugwire zotchula nambala imodzi yokha ngati "ndime 8". Mukapeza malo omwe simukudziwa kuti ankaloza kuti, funsani eni mgwirizano kapena loya amene anaulemba. Wotayipa asangoganizira yekha.

Mukatero sankhani dongosolo limodzi. Lofala ndi ili: mutu wa ndime 1, pansi pake 1.1, pansi pake (a), kenako (i). Magawo anayi amakwana pa mgwirizano wamba. Pa Home dinani Multilevel List, musankhe Define New Multilevel List, ndipo mutsegule More. Gawo lililonse mulimangirire ku kalembedwe kake kudzera pa Link level to style: loyamba ku Heading 1, lachiwiri ku Heading 2, mpaka lachinayi. Pa gawo lachiwiri gwiritsani ntchito Include level number from kuti nambala ya mutu izibwera yokha kutsogolo, ndipo onetsetsani kuti Restart list after yachongedwa, kuti pambuyo pa 8.3 pazibwera 9.1, osati 9.4. Maonekedwe a Heading amabwera ndi zilembo zazikulu zamtundu, koma zimenezo mumasintha kamodzi pa kalembedweko, osati ndime ndi ndime.

Chotsatira ndi ntchito yotopetsa koma yopanda chinsinsi: kuyenda kuchokera pamwamba, kufufuta nambala yotayipa, ndi kupatsa ndime iliyonse kalembedwe ka gawo lake. Nambala ikadumpha kapena kuyambiranso pa 1 pakati pa pepala, kawirikawiri ndiye kuti ndimeyo idakali pa mndandanda wina womwe unabwera nayo pokopera. Ena amachiza ndi Set Numbering Value, kukakamiza nambala yomwe akufuna. Ndi chigamba chabe chimenecho. Tsiku lina mukadzawonjezera ndime pamwamba, yokakamizidwayo sidzasuntha. Ipatseninso kalembedwe koyenera.

Tsopano bwererani ku pepala lanu lija. Pamalo pomwe panalembedwa 8.2, fufutani nambalayo, pitani pa References, kenako Cross-reference. Pa Reference type sankhani Numbered item, ndipo pa Insert reference to musankhe Paragraph number (full context). Pa mndandanda womwe ubwere, musafune 8.2, funani ndime ya notisi, yomwe tsopano ndi 9.2. Kusankha full context kumathandiza kwambiri pa timagawo ta zilembo, chifukwa mmalo mwa (a) yekha, amene angakhale wa ndime iliyonse, pamatuluka 9.2(a).

Nambala zolozazi sizisintha nthawi yomweyo mukawonjezera ndime. Dinani Ctrl+A kenako F9 kuti zonse zikonzedwe. Mukatero fufuzani mawu akuti Error!, pakuti ndime yolozedwa ikafufutidwa Word imalemba Error! Reference source not found. m'kati mwenimweni mwa chiganizo, ndipo mapepala ena amasainidwa ali ndi mawu amenewa. Pakatuluka "ndime 0", ndiye kuti cholozacho chagwera pa mzere wopanda nambala. Pali msampha winanso womwe sulira belu: mukaika kamzere kolembera kumayambiriro kwenikweni kwa ndime yolozedwa nkudina Enter kuti mulembe yatsopano pamwamba pake, chizindikiro chobisika chimatha kutsalira pa yatsopanoyo, ndipo cholozacho chimatchula nambala yolakwika mosadandaula. Choncho ndime yatsopano iziyambira kumapeto kwa yam'mwamba. Zowonjezera zakumapeto kwa mgwirizano nazo zimatchula ndime, ndipo zikakhala mu fayilo ina, F9 sazifikira. Zimenezo nzoona ndi maso. Pomaliza sindikizani, munthu wina awerenge cholozera chilichonse mokweza, wina akutsegula ndimeyo kuona ngati nkhani yake ndi yomwe ija.

Zonsezi nzochita mgwirizano usanasainidwe, ndipo mbali inayo iuzidwe kuti nambala zasintha, makamaka ngati makalata okambirana ankatchula zakale. Wosainidwa kale sasinthidwa nambala, chifukwa makalata, malisiti ndi manotisi omwe analembedwa pambuyo pake amatchula nambala zomwezo. Pakafunika ndime yatsopano, mbali zonse zimasaina chikalata chosintha, ndipo ndimeyo imatchedwa 5A kuti 6 ikhalebe 6, monga amachitira aphungu akamawonjezera gawo m'lamulo lomwe lilipo kale. Ndime yochotsedwa imasiyidwa ndi nambala yake, pambali nkulembapo kuti yachotsedwa. Ngati cholakwika ngati cha 8.2 mwachipeza mutasaina kale, musakonze kope lanu lokha ndi cholembera. Lembani chikalata chachidule chonena kuti 8.2 iziwerengedwa 9.2, ndipo nonse awiri musainepo.